Mabanja 40 akwana: kumanga msika wa mpunga pa gulu la Facebook

Mwezi wa Meyi ndi Juni, mpunga ukangochoka m'munda, mavenda amakhala atafika kale ndi masikelo awo. Ku Lifuwu m'boma la Salima, ku Bua m'boma la Nkhotakota ndi m'madambo ena a m'mbali mwa nyanja nkhani yake ndi imodzimodzi: aliyense wakolola nthawi imodzi, aliyense ali ndi ngongole ya aganyu, ndipo wogula ndi amene amatchula mtengo. Pakangotha masabata ochepa, Kilombero yemweyo amapezeka ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 mu Lilongwe, atapunthidwa ndi kuikidwa m'mapepala, mtengo utakwera moti mlimi atauona angopukusa mutu.

Masiku ano achinyamata m'makomomu amati, "Bambo, tsegulani gulu pa Facebook, muzigulitsa nokha." Sakunama. Kutsegula gulu n'kwaulere ndipo sikutenga mphindi khumi. Koma yendani pa Facebook muone magulu a malonda amene anatsegulidwa mwachangu chotero. Ambiri ali ndi mamembala zikwi, koma mukalowamo mumapeza zolengeza za ngongole zachinyengo, mankhwala a zitsamba ndi zithunzi za anthu ofuna mabanja. Mwini wake analeka kale kulowamo. Gulu lotere silinagulitsepo ndi kilo imodzi yomwe ya mpunga.

Vuto limayamba poganiza kuti gulu ndi chikwangwani choti anthu ambiri aone. Kwa mlimi wa mpunga ntchito ya gulu ndi ina: kusonkhanitsa ogula odziwika, oti oda yawo ibwere nthawi imodzi, katundu anyamuke ulendo umodzi. Kuti izi zimveke, tiyambe ndi masamu, foni ibwera pambuyo.

Masamu a thumba limodzi

Tiyerekeze banja la ku Salima lomwe lakolola matumba 40 a mpunga wosapuntha, lililonse la makilogalamu 50. Khumi asunga akudya ndi mbewu, 30 ndi ogulitsa. Mitengo yomwe ndiike apa ndi yongochitira chitsanzo, poti mitengo ya kuno siigona malo amodzi. Inu muikemo ya kwanu ya sabata ino, njira yowerengera ndiyo yofunika.

Tinene kuti venda akupereka K70,000 pa thumba. Ndalama imeneyo ndi yomwe mukuikana mukasankha kugulitsa nokha, choncho iwerengereni ngati mtengo wogulira. Kupita nalo kuchigayo ndi kupunthitsa, tiike K4,000. Thumba la makilogalamu 50 likapunthidwa silibwerera lonse. Mankhusu ndi deya zimachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndiye mumatsala ndi makilogalamu 32 kapena cha pamenepo. Mukasefa kuchotsa misere, tinene makilogalamu 4, mpunga wathunthu woti munthu wa m'tauni akondwere nawo ndi makilogalamu 28. Misere ija siitayidwa, amayi ophika phala ndi zitumbuwa amagula, tinene K1,500 pa kilo, yonse K6,000. Ndiye kuti makilogalamu 28 aja akudyerani K68,000, yomwe ndi pafupifupi K2,430 pa kilo.

Onjezani K100 pa kilo ya mapepala ndi timatumba, K100 pa kilo yolipirira katundu pa galimoto ya Salima kupita ku Lilongwe, ndi K70 pa kilo ya bandulo ndi yodulidwa potapa ndalama kwa ejenti. Tafika pa K2,700. Chatsala n'chimodzi, ndipo mpamene pagona nkhani: munthu woperekeza katunduyo. Ulendo wake wopita ndi kubwera, kabaza wa m'tauni ndi chakudya, tiike K20,000. Ndalama iyi siisintha, kaya wanyamula pang'ono kaya zambiri. Akanyamula makilogalamu 40 okha, kilo iliyonse yasenza K500 ndipo mtengo wanu wafika K3,200. Akanyamula makilogalamu 200, kilo iliyonse yasenza K100 yokha, mtengo ndi K2,800. Mukamagulitsa pa K3,500, ulendo waung'ono uja ukusiyirani K300 pa kilo, pomwe waukulu ukusiyirani K700. Pa makilogalamu 840 ochokera m'matumba 30 aja, K700 pa kilo ndi K588,000 pamwamba pa zomwe venda akanapereka.

Tsono funso ndi ili: makilogalamu 200 agula ndani? Ngati banja limodzi m'tauni litenga makilogalamu 10, pakufunika mabanja 20 pa ulendo. Mukamapita kawiri pa mwezi, banja lililonse n'kumagula kamodzi pa mwezi, mabanja 40 akwana. Osati zikwi zisanu. Mabanja 40 odya mpunga, okhala m'madera oyandikana, olipira osavuta. Chilichonse chomwe muchite pa gulu lanu chiyezedwe ndi nambala imeneyi.

Foni ya ndani, dzina la ndani

Pa Facebook pali zinthu zitatu zomwe anthu amasokoneza. Pali akaunti yanu ya munthu, yomwe ili ndi dzina lanu ndi anzanu. Pali tsamba la bizinesi, lomwe pafoni limalembedwa kuti Page, pomwe mwini amalengeza ena n'kumamvera, ngati wailesi. Ndiye pali gulu, lolembedwa kuti Group, pomwe mamembala nawonso amalemba, kufunsa ndi kuyankhana. Kwa ife gulu ndilo loyenera, chifukwa chomwe chimagulitsa mpunga kwa munthu wosakudziwani si mawu anu, koma mawu a mayi wina wa ku Area 25 amene walemba kuti walandira, waphika, ndipo mulibe miyala.

Ena adzafunsa kuti bwanji osangokhala pa WhatsApp, poti ndi yomwe tinazolowera. WhatsApp ndi yabwino pomalizitsa malonda ndi munthu mmodzi. Koma gulu la WhatsApp mlendo sangalipeze pofufuza, wolowa lero kawirikawiri saona zomwe zinakambidwa mwezi watha, ndipo nambala za mamembala zimakhala poyera. Pa gulu la Facebook wobwera kumene amatha kubwerera m'mbuyo, kuona maulendo atatu apitawo ndi zomwe ogula ananena. Mbiri imeneyo ndiyo chuma cha gulu.

Musanadine batani lililonse, khalani pansi pabanja mugwirizane kuti gulu litsegulidwa ndi akaunti ya ndani. Kawirikawiri amene amadziwa foni ndi mnyamata wa pakhomo, ndipo amatsegula ndi akaunti yake. Chaka chamawa mnyamatayo wanyamuka ulendo wa ku Joni, simu khadi ya kuno wataya, pasiwedi waiwala, gulu latsala lopanda mwini, makasitomala onse ali m'kati. Kuno kunyanja, komwe achinyamata ambiri amapita ku South Africa, iyi si nkhani yongopeka. Choncho akaunti yotsegulira ikhale ya munthu wamkulu wokhazikika pamudzi, ya dzina lake lenileni, yomangidwa ku nambala yolembetsedwa ndi chiphaso chake cha unzika. Mnyamata athandize kudina, koma mwini akhale bambo kapena mayi. Pasiwedi ilembedwe m'kope losungidwa m'nyumba.

Kutsegulako n'kosavuta. Pa Facebook kapena pa Facebook Lite, yomwe imadya bandulo pang'ono ndipo imapirira netiweki yofooka, pitani pa Menu, dinani Groups, kenako chizindikiro cha + kapena mawu oti Create group. Mabataniwa amasuntha malo foni ndi foni, koma mayina ake ndi omwewo. Ikufunsani dzina. Musalembe dzina la mwana wanu kapena mawu okoma osanena kanthu. Munthu wofuna mpunga amalemba mawu oti mpunga, Kilombero, Salima, Lilongwe pofufuza, ndiye mawu amenewo akhale m'dzinamo.

Kenako ikufunsani kusankha pakati pa Public ndi Private. Pa Public aliyense amaona zolembedwa ngakhale sanalowe. Pa Private zolembedwa amaona mamembala okha. Mukasankha Private pali kusankhanso kwina: Visible, kutanthauza kuti gulu limapezeka munthu akafufuza dzina, kapena Hidden, lomwe salipeza pokhapokha ataitanidwa. Alangizi ambiri a zamalonda angakuuzeni Public kuti anthu achuluke. Ine ndikuti Private ndi Visible. M'gulu lanu anthu azilemba dera lomwe amakhala, tsiku lolandira katundu ndi kuchuluka kwa zomwe agula. Mbava imafuna zimenezo basi kuti iimbire kasitomala wanu n'kunamizira kuti ndi inu. Khomo likhale looneka, koma lotseka. Ganizani bwino pachiyambi pomwe, chifukwa anthu amene analemba momasuka podziwa kuti gulu ndi lotseka sakondwa mukadzafuna kulitsegula.

Chomaliza pa gawo ili ndi othandiza. Facebook ili ndi maudindo awiri, Admin ndi Moderator. Wa Moderator amavomereza olowa, kuvomereza kapena kufufuta zolembedwa ndi kuchotsa ovuta. Wa Admin amachita zonsezo, komanso angathe kusintha dzina la gulu, kuika ma Admin ena ndi kuchotsa anzake pa udindo. Ndiye udindo wa Admin ukhale wa anthu awiri okha a m'nyumba imodzi, kuti foni imodzi ikagwera m'madzi wina akhalebe ndi kiyi. Mlamu wa ku Lilongwe wolandira katundu, ngakhale mumamukonda chotani, mupatseni Moderator.

Olowa oyamba

Gulu likangotsegulidwa, Facebook imakuonetsani anzanu onse kuti muwaitane. Apa mpomwe ambiri amalakwitsa: amaitana onse, mazana atatu, ambiri mwa iwo alimi anzawo a m'mudzi momwemo amene ali ndi mpunga wawo m'nyumba. Anthu amenewa sagula ndipo sayankha. Dziwani kuti Facebook sionetsa cholembedwa chilichonse kwa membala aliyense. Imasankha yokha, ndipo zomwe anthu akuyankha ndi zomwe imazikankhira patsogolo. Gulu lodzaza ndi anthu achete limaoneka lakufa, ndipo zolemba zanu zimamira ngakhale kwa ogula enieni aja.

Yambani ndi anthu 15 kapena 20 amene mumawadziwa ndipo amagula mpunga ndi ndalama: achibale a m'tauni, aphunzitsi ndi anamwino ochokera kwanu amene anasamukira ku Lilongwe, mayi wophika chakudya pamsika. Aimbireni kapena atumizireni mawu kaye, asangoona chiitano chosadziwika. Ulendo woyamba ukayenda bwino, pemphani aliyense abweretse anzake awiri a kuntchito kapena oyandikana nawo nyumba. Kukula kotere n'kochedwa, koma kumaunjika ogula m'dera limodzi, ndipo zimenezo zimachepetsa ndalama ya kabaza.

Kwa alendo ofika okha, gwiritsani ntchito Membership questions, mafunso omwe munthu amayankha popempha kulowa. Amaloleza atatu, ndipo atatuwo akwana: mumakhala dera liti, mwamva kwa ndani za gulu lino, ndipo pakhomo panu mumadya mpunga wochuluka bwanji pa mwezi. Wosayankha musamulowetse. Woyankha, onani akaunti yake. Ngati yatsegulidwa sabata yatha, ilibe chithunzi cha munthu, ilibe mnzake ngakhale mmodzi wodziwika kwa inu, musiyeni panja. Funso lachitatu lija lembani mayankho ake m'kope. Mukawaphatikiza mudziwa ngati mwayandikira makilogalamu 400 pa mwezi, zomwe nambala ya mamembala singakuuzeni.

Yatsaninso Post approval, kuti cholembedwa cha membala chiziyamba chadikira inu musanachilole. N'zotopetsa pang'ono, koma ndi mpanda womwe umatchinga a ngongole zabodza aja. Malamulo a gulu akhale ochepa ndi omveka: za ndale ayi, malonda a ena pokhapokha mwini gulu atalola, ndipo dandaulo linenedwe poyera koma mwaulemu. Lamulo loletsa kutukwana ndi kunyoza anthu musaliyese lachibwana. Dziko lino lili ndi lamulo la 2016 loona za pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo kaamba ka zomwe analemba pa Facebook ndi pa WhatsApp. Kanthu kena kodziwiratu: malamulo a zamalonda a Facebook salola kutsatsa ziweto zamoyo pa Marketplace, ndipo zolengeza mbuzi ndi nkhuku zimatha kuchotsedwa. Gulu la mpunga lisasanduke msika wa mbuzi nyengo ya Eid ikayandikira, ngakhale ofuna alipo.

Cholemba choitanira oda

Pamwamba pa gulu pakhale cholembedwa chimodzi chosasuntha, chomwe mumachikhoma podina Pin to Featured. Mmenemo munene kuti ndinu ndani, mumalima kuti, katundu amafika masiku ati ndi malo ati, nambala imodzi yokha yolipirira ndi dzina lomwe limatuluka munthu akamatumiza ndalama. Nenaninso nthawi yomwe simuyankha foni, monga Lachisanu masana, kuti wina asaganize kuti mwathawa ndi ndalama zake.

Cholemba cha oda chizituluka tsiku lodziwika, ndipo chiziyankha mafunso onse munthu asanafunse. Mwachitsanzo: "Moni nonse. Kilombero wa chaka chino, wopunthidwa Lachiwiri lapitali, wosefa. K3,500 pa kilo, timatumba ta makilogalamu 5 ndi 10. Ulendo uno tili ndi makilogalamu 200. Oda itsekedwa Lachinayi 6 koloko madzulo. Katundu afika Loweruka, kulandira ndi kwa achimwene ku Area 25 kuyambira 11 koloko. Lembani dzina ndi makilo pansipa." Onani kuti mtengo walembedwa poyera. Chizolowezi chija choyankha kuti bwerani ku inibokosi chimathawitsa anthu, poti aliyense amaganiza kuti mnzake auzidwa mtengo wotsika. Onaninso kuti oda ikulembedwa pansi pomwepo. Munthu akaona mayina khumi alembetsa kale, mantha amachepa, ndipo inu mumaona msanga ngati makilogalamu 200 akwana. Akapanda kukwana pofika Lachinayi, nenani poyera kuti ulendo wasunthira sabata yamawa. Ndi bwino kutero kusiyana ndi kunyamuka ndi makilogalamu 40.

Chithunzi chikhale cha mpunga womwewo ukupitawo, osati chotola kwina. Thirani pang'ono pa lichero kapena pa nsalu yakuda, jambulani panja pamthunzi m'mawa, pafupi moti munthu aone kutalika kwa njere ndi kuchuluka kwa zosweka. China chikhale cha kathumba kali pa sikelo nambala ikuoneka. Zithunzi ziwiri zakwana. Mavidiyo aatali amamaliza bandulo yanu ndi ya ogula omwe.

Za sikeloyi ndiimepo pang'ono. Kumudzi tinazolowera ndowa ndi chigoba, koma wa m'tauni akalandira kathumba kolembedwa makilogalamu 10 amakakayeza pa sikelo ya pagolosale. Akapeza 9 ndi theka, sakuimbirani, amangosiya kugula n'kuuza anzake. Masikelo a malonda amayesedwa ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo sikelo yanu ikhale yoyesedwa. Pakhomo mungathe kuiunika ndi paketi ya shuga ya kilo imodzi yosatsegula. Komanso tchulani mtundu weniweni. Faya ndi Faya, Pussa ndi Pussa. Wosakaniza Kilombero ndi mtundu wina amagwidwa mumphika, chifukwa mitundu iwiri siipsa nthawi imodzi ndipo fungo lija limachepa.

Ndalama ndi akuba

Wogula woyamba amaopa kutumiza ndalama kwa munthu amene sanamuonepo, inunso mumaopa kutumiza mpunga kwa munthu wosalipira. Njira yapakati ndi yoti wachilendo alipire theka polembetsa, theka polandira kwa munthu wanu wa m'tauni. Amene wagula kawiri katatu mungagwirizane zina. Ngongole yokha ayi, ngakhale kwa achibale, chifukwa pagulu nkhani imamveka msanga ndipo mwezi wotsatira onse afuna chimodzimodzi.

Chinyengo chofala ndi uthenga wabodza. Munthu amatumiza chithunzi choonetsa kuti walipira, kapena uthenga wofanana ndi wa Airtel Money kapena Mpamba koma wochokera pa nambala ya munthu wamba. Nthawi zina amaimba mwachangu kuti watumiza zopitirira, mum'bwezereko. Musakhulupirire chithunzi kapena uthenga. Imbani `*211#` ngati ndi Airtel Money kapena `*444#` ngati ndi Mpamba, muone nokha ngati ndalama zawonjezeka. Zikapanda kuwonjezeka, palibe chomwe chalowa, kaya munthuyo alumbire motani.

Chinyengo chachiwiri chimagwera makasitomala anu. Wina amatsegula akaunti ndi dzina lanu ndi chithunzi chanu, n'kumalembera mamembala kuseri kuti nambala yasintha. Nchifukwa chake cholembedwa chapamwamba chija chinene mosabisa kuti nambala ndi imodzi, ndipo ikadzasintha mudzalengeza pagulu, osati kuseri. Chachitatu n'chobera akaunti yenizeniyo. Mumalandira uthenga wonena kuti ndi a Facebook, gulu lanu litsekedwa mukapanda kudina apa, kapena mnzanu wodziwika akupempha kuti mum'tumizire manambala omwe angofika pafoni yanu. Manambala amenewo ndi kiyi ya akaunti yanu, ndipo mnzanuyo n'kutheka kuti akaunti yake yabedwa kale. Musapatse aliyense. Yatsani Two-factor authentication pa akaunti za ma Admin onse awiri, kuti wodziwa pasiwedi yekha asathe kulowa.

Ndalama iliyonse ilembedwe m'kope: dzina, makilo, zolipidwa, zotsala, tsiku. Foni imatayika, mauthenga amafufutika. Pa kathumba kalikonse lembani dzina la mwini ndi cholembera chosafufutika. Ngati katundu akupita yekha ndi kondakitala, jambulani nambala ya galimoto, tengani nambala yake ya foni, ndipo onetsetsani kuti matumba sanaikidwe pafupi ndi zigubu za mafuta kapena madengu a usipa. Mpunga umatenga fungo msanga, ndipo Kilombero wonunkha dizilo palibe amene angamugule kachiwiri.

Tsiku lina dandaulo lidzabwera ndithu. Tinene mayi wina walemba pagulu kuti wapeza timiyala. Dzanja limathamangira kufufuta, koma ena aona kale, ndipo kufufuta kumawauza kuti maumboni abwino aja nawonso ndi osankhidwa. Yankhani pomwepo, mwaulemu: "Pepani mayi, kathumba kameneko tikusinthirani Loweruka." Kenako fufuzani gwero. Miyala imalowa poomba ndi poyanika pansi popanda lona kapena mphasa. Misere yochuluka imachokera ku mpunga womwe unauma mopitirira padzuwa lamphamvu, kapena womwe unanyowanso utauma kale, kapenanso chigayo chosachunidwa bwino. Fungo la chuku ndi la mpunga woikidwa m'thumba usanaume. Mukapeza, bwererani pagulu munene chomwe mwasintha. Ogula amakhululuka mwala umodzi, koma sakhululuka kusayankhidwa.

Mpunga ukatha

Bwererani ku masamu aja. Makilogalamu 840, pa 400 mwezi uliwonse, atha m'miyezi iwiri. Nanga miyezi khumi yotsalayo gulu lizidya chiyani? Apa mpomwe magulu ambiri abwino amafera. Ogula amapita kwina, ndipo pofika Juni wotsatira mumayambanso pachiyambi.

Njira yoyamba ndi kusathamangira kupunthitsa zonse. Mpunga wosapuntha wouma bwino umasungika nthawi yaitali kuposa wopuntha, ndiye punthitsani wa ulendo umodzi basi, masiku ochepa usananyamuke. Ngati ngongole sizikukuthamangitsani, kupita kamodzi pa mwezi kumatambasula katundu wanu mpaka miyezi inayi, kulowa m'nyengo yomwe mitengo imakhala itayamba kukwera.

Njira yachiwiri ndi kulowetsa alimi anzanu, ndipo iyi ndi yofunika kuisamala. Mabanja asanu ndi limodzi a m'sikimu imodzi angathe kudyetsa ogula 40 aja chaka chonse. Koma asalowe aliyense n'kumalengeza mtengo wake, chifukwa mudzayamba kutsitsirana pamaso pa makasitomala ndipo mudzakhala mwadzipangira venda wina. Gwirizanani kunja kwa foni: sikelo imodzi, sefa imodzi, mtengo umodzi, wolemba oda mmodzi, ndi ndondomeko ya kuti ulendo uno ndi mpunga wa ndani. Pa kathumba pakhale chizindikiro cha banja lomwe lalima, kuti dandaulo likabwera lipite pakhomo poyenera. Ndalama ya woperekeza ndi ya bandulo igawidwe molingana ndi makilo, ndipo amene amakhala pafoni tsiku ndi tsiku apatsidwe kenakake kogwirizana, poti imeneyonso ndi ntchito. Amayi oluka mikeka ya mlaza ndi malichero angakwere nawo ulendo womwewo, katundu wawo ndi wopepuka, koma kamodzi pa mwezi, kuti gulu lisaiwale kuti ndi la mpunga.

Ndipo ngakhale mulibe chogulitsa, musakhale chete kupitirira sabata. Anthu a m'tauni ambiri anakulira kumudzi ndipo amakonda kuona munda. Onetsani nazale mvula ikayamba, kuwokera mu Januwale, madzi atasefukira, ana akuingitsa mbalame mpunga ukamacha. Mvula ikavuta nenani, kuti mtengo ukadzakwera asadabwe. Funsani mafunso oti munthu ayankhe mosavuta: timatumba ta makilogalamu 5 kapena 10, Loweruka kapena Lamlungu, ndani ali ndi ukwati kapena chinkhoswe mu Ogasiti. Mwezi wa Ramadan usanayambe funsiranitu, chifukwa m'makomo ambiri mpunga umadyedwa kwambiri nthawi imeneyo mpaka pa Eid, ndipo wodziwiratu amasungiratu matumba.

Pofuna kudziwa ngati gulu lili moyo, musayang'ane nambala ya mamembala kapena zala zokweza zija. Tsegulani kope. Werengani mayina omwe agula mwezi uno, ndipo mwa iwo ndi angati anagulanso mwezi watha. Ngati mwa 20 abwereranso 14 kapena 15, muli bwino, pitirizani kupempha aliyense abweretse mnzake. Ngati abwerera asanu okha, musathamangire kuitana anthu atsopano. Imbirani atatu mwa osabwerera aja, muwafunse mwaulemu ngati vuto linali mpunga, sikelo, mtengo kapena mtunda wokatenga katundu. Yankho likakhala mtunda, pezani malo achiwiri olandirira m'dera lomwe muli ogula osachepera asanu, ndipo K2,000 kapena K3,000 ya kabaza wopita kumeneko muigawe pa makilo awo musanalengeze mtengo wa ulendo wotsatira.